Kalendala ya Zebron, Dokota wa Ng'ombe

Ku Bundabunda mukafunsa Zebron Kasuba, anthu amayamba aganiza kaye. Mukati "Ba Dokota" amakulozerani msanga, ndi kamseko pang'ono. Udokotawo alibe pepala lake. Sukulu analekezera giredi naini, n'kukhala zaka zambiri pa dibu, posambitsira ziweto m'mankhwala, akugwira ng'ombe michira pamene alangizi a ziweto ankabaya katemera. Koma makutu anali nawo, ndipo chimene wamva kamodzi ankachibwereza ngati anachitulukira yekha. Mwini wake masiku ano amati nzeru zake zinali ngati jekete la salaula, logula pa kaunjika, lokongola ndithu koma losokedwa pa thupi la munthu wina.

Chimene ankanyadira koposa chinali nkhani yobereketsa ng'ombe. Ankaperekeza mkulu wina amene ankayenda ndi botolo lozizira la mbewu ya nkhunzi, ndipo anaphunzira lamulo lake: thadzi likaonetsa mmawa kuti likufuna nkhunzi, mbewu muiike madzulo. Mukafulumira ndi masiku awiri mwataya, chifukwa m'thupi la ng'ombe mbewuyo imakhala moyo tsiku limodzi, ikalimba tsiku ndi theka. Izi n'zoona, ndipo Zebron anaziona ndi maso ake kangapo. Kulakwa kwake kunali kumodzi kokha. Anapita nazo kunyumba.

Mkazi wake Olipa, mwana wa ku Kasisi, anali atamuberekera ana anayi, woyamba Trinity. Wachinayi atasiya kuyamwa, Olipa ananena kuti jekeseni yolera ikumupweteketsa mutu, akufuna apite kukiliniki akafunse njira ina. Zebron anaona ngati amunyoza. Kukafunsa kwa anthu ena, dokota ali m'nyumba momwemo?

"Amake Trinity, iyo nchito nisiileni ine," anatero. "Ng'ombe za muno zonse zibala na mutu wanga. Nanga ningakangiwe kupenda masiku ya munthu umozi?"

Anakhoma kalendala ya sitolo ya mankhwala a ziweto kuseri kwa chitseko, ya chithunzi cha nkhunzi yonenepa. Olipa ankasamba mosaphonya, masiku makumi awiri ndi asanu ndi atatu aliwonse, ndiye Zebron ankawerenga kuyambira tsiku loyamba kusamba, n'kulemba mtanda wofiira pa tsiku la 14, limene anamva kuti dzira limatuluka. Poti anali munthu wosamala, ankawonjezera mtanda pa 13 ndi pa 15. Masiku atatu amenewo ankagona pamphasa ngati mlendo. Miyezi isanu ndi iwiri inadutsa bwinobwino, ndipo Zebron anayamba kulangiza amuna anzake pa dibu, chala m'mwamba. Sankadziwa kuti anali kuyenda pa mwayi.

Mwezi wa Julaye kunabwera katemera wa matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, ndipo anamutenga kukathandiza kumidzi ya ku Nkomeshya masiku khumi. Lolemba lotsanzikana linali tsiku la 10 pa kalendala, loyera mbee, lopanda mtanda. Anatsanzikana monga amachitira okwatirana. Lachiwiri mmawa anakwera njinga mtima uli m'malo, akudziyamikira kuti mitanda itatu yonse imupeza ali kutali.

Patapita milungu isanu ndi umodzi, Olipa anamupeza akukonza tcheni cha njinga.

"Bashi Trinity, nili na mimba."

Munthu wanzeru akanakhala pansi. Zebron anathamangira kuseri kwa chitseko. Anayendetsa chala chakuda ndi girizi pa kalendala, kutsika, kukwera, kutsikanso. Tsiku la dzira linagwa Lachisanu, iye ali ku Nkomeshya atagwira mchira wa ng'ombe ya eni. Kuchoka Lolemba kufika Lachisanu ndi masiku anayi. Mbewu yanji imene ingakhale moyo masiku anayi? M'mutu mwake munabwera Ba Lyford, wogwira ntchito m'boma ku Lusaka amene anamanga pa puloti yatsopano kufupi ndi msewu, yemwe tsiku lina anamunyamula Olipa pagalimoto ndi thumba la chimanga popita kuchigayo. Munthuyo mlandu wake unali kukhala ndi galimoto basi.

Anatulukira ndi kalendala m'manja. "Iyi mimba ni ya ndani?"

Olipa sanalire, sanakuwe. Anamuyang'ana nthawi yaitali, mpaka Zebron anayamba kuyang'ana nkhunzi ya pachithunzi.

"Mwakamba chani?"

"Nenze kulibe. Calendar siinama."

Dzuwa lisanapendeke, Olipa anali atamanga zovala m'chitenje, wamng'ono kumsana, ulendo wa ku Kasisi kwa mlongo wake Peterson. Zaka khumi ndi zisanu za ukwati zinatuluka pakhomo zikuyenda wapansi, ndipo Zebron anaima pamenepo akudziuza kuti ndiye wolakwiridwa. Kunena zoona mtima unkamuwawa koopsa, chifukwa mkaziyo ankamukonda. Koma ankakondanso kukhala wolondola, ndipo mlungu umenewo chikondi chachiwirichi n'chimene chinapambana.

Atapita ku Kasisi kukapempha kuti akuluakulu akhale pansi aweruze, Peterson anamulandira pansi pa mtengo wa mango, osamulowetsa m'nyumba. Peterson ndi mmisiri wa matabwa, munthu wosachulutsa mawu.

"Mulamu, tikalibe kuitana bakulu, pa Wednesday Olipa ayenda ku sikelo. Bafuna mwamuna abwele naye. Munyamule calendar yanu ija, mukabaonese banasi. Bakavomela, na ine nizavomela."

Zebron anasangalala. Anachapa malaya oyera, n'kupinda kalendala bwinobwino m'pepala la pulasitiki. Ankapita ngati munthu wokalandira satifiketi.

Namwino anali Ba Sister Mirriam, mayi wamfupi wa magalasi, amene anaona amuna ambiri obwera ndi nzeru zawo. Atamaliza kumupima Olipa, Zebron anayala kalendala patebulo n'kufotokoza zonse, osaiwala botolo lozizira ndi lamulo la mmawa ndi madzulo. Namwinoyo anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ba Kasuba, pa ng'ombe mwakhoza," anatero. "Manje aba amene bankala apa ni ng'ombe?"

Olipa anayang'ana pawindo.

Namwino anatenga cholembera chake n'kufotokoza pang'onopang'ono, ngati kwa mwana wa giredi wanu. Dzira la mayi likatuluka silikhalitsa, tsiku limodzi lokha, mwina osakwana n'komwe. Pamenepo Zebron anagwedeza mutu mwamphamvu. Koma mbewu ya abambo ndi nkhani ina. Masiku wamba imafa msanga, m'maola ochepa. Dzira likayandikira, thupi la mayi limatulutsa chikazi choterera, chonanda ngati choyera cha dzira la nkhuku, ndipo m'menemo mbewu imasungika bwino, n'kukwera m'njira n'kukadikira. Imatha kudikira masiku atatu, anayi, mpaka asanu. Ndiye masiku otenga mimba si tsiku la dzira lokha, ndi masiku asanu a m'mbuyo mwake pamodzi ndi tsikulo. Kuwonjezera apo, dziralo silisunga pangano la pa 14, limatha kufulumira kapena kuchedwa. N'chifukwa chake amene amalera powerenga masiku, ngati msambo wawo uli woyenda bwino ngati wa Olipa, amauzidwa kusamala kuyambira tsiku la 8 mpaka la 19.

"Manje nikufunseni," anatero namwino, cholembera chili pa kalendala. "Munayenda pa Tuesday. Pa Monday apa, day ten, munagona pa mphasa?"

Zebron anayamba kuwerenganso masiku ndi chala.

"Sanagone pa mphasa," anayankha Olipa, maso akadali pawindo.

"Ndiye mufuna chani futi? Imwe munayenda ku Nkomeshya, koma munasiya banthu banu pa nyumba. Banalindila chabe. Na size ya mimba igwilizana na week yamene ija."

Mwini wake amati pa moyo wake ng'ombe zamupondapo, zamumenyapo mateche, ina inamugwetsera m'madzi a dibu anthu akuona, koma sanachitepo manyazi ngati a tsiku limenelo. Safunsa anadya phula, ndipo iye anadya lambiri, n'kugawirako anzake a pa dibu. Anaipinda kalendala mwakachetechete. Potuluka anaiwala chipewa pampando, ndipo analibe nkhope yobwerera kukachitenga.

Mawa lake anafika kwa Peterson ndi tambala woyera kumbuyo kwa njinga. Olipa anali pakhonde akusenda mtedza. Zebron anagwada pafumbi, malaya oyera omwe aja, n'kuwomba m'manja.

"Amake Trinity, nikhululukileni. Sininazibe kuti mbeu ilindila. Ninaphunzila pa ng'ombe."

"Kusaziba si mulandu," anatero Olipa, manja osaleka ntchito. "Na ine sinenze kuziba. Ninadabwa monga imwe. Ninabwela kuti tidabwe pamozi."

Zebron anaweramitsa mutu.

"Mbeu yanu, ilibe na mutu, inalindila four days. Imwe ba dokota, na mutu wanu wonse, simunalindile olo one minute. Munathamangila kufunsa pepala. Ine nenze niimilile pamene apo."

Zebron akadali chogwada, Olipa anamuuza kuti tambala asiye, iye azipita, aziphikira yekha ana atatu aja. Olipayo akafuna kubwerera kunyumba adzabwera yekha, ndipo asamulembere mtanda pa kalendala. Anabwera patapita milungu itatu, masana, Zebron ali pa mtondo akusinja chimanga mosadziwa kugwira musi.

Mwanayo anabadwa mu Epulo, wamkazi, ndi makutu otambalala a kwa Kasuba amene palibe angawakane. Olipa anamutcha Lindani. Za kulera anapita yekha kukakambirana ndi Ba Sister Mirriam, ndipo Zebron anamuperekeza, n'kukhala phee pabenchi.

Lero Zebron akadali pa dibu, imvi zayamba. Anayenda kwa amuna onse amene anawalangiza kale, mmodzimmodzi, kukabweza uphungu wake, ndipo awiri a iwo anamuonetsa makanda. Akakumana ndi Ba Lyford amawapatsa moni wa manja awiri, iwo osadziwa chifukwa chake. Nkhaniyi amaifotokoza yekha kwa aliyense wongokwatira kumene, akuwerenga zala zisanu m'mwamba, n'kumadzitcha dokota amene anayesa mkazi wake ng'ombe. Amuna amaseka mpaka kugwira m'mimba, iyenso amaseka nawo. Koma akaifotokozera kunyumba alendo atabwera, akafika pa funso lija loti mimba ndi ya ndani amatsitsa mawu n'kuyang'ana kumene kwakhala mkazi wake. Lindani ali ndi zaka zinayi tsopano, ndipo Olipa sanasekepo pamenepo.