Pulagi Yokana Kuzuka ku Mandava

Alamu anga, akapitawo a kumgodi, atagula galimoto yamagetsi anasiya kupereka moni ku Mandava kuno. Loweruka lina anatulukira kwathu batire itatsala pang'ono kutha, n'kulumikiza chingwe kukhitchini kwanga osapempha n'komwe. Posakhalitsa magetsi anathima monga mwa masiku onse. Kutchaja kunalekera panjira, ndipo kanyali ka pabowo lotchajira kanafiira.

Anati azule pulagi pagalimotopo azipita, koma pulagi inakana. Anakoka mpaka thukuta kamukamu. Kenaka anatuma anzawo awiri amene anabwera nawo kukatenga mugwara, chitsulo chija amagumulira miyala pansi pa mgodi, poti kwa iwo chilichonse chokana chimafuna chitsulo basi.

Ine ndimagulitsa maloko pamsika, ndiye nditayandikira ndinazindikira msanga kachithunzi ka loko kakuyaka pambali pa bowolo.

"Alamu, galimotoyi mwaikiya?" ndinafunsa. "Ikakiyidwa imagwira pulagi. Dinani batani lotsegulira pakiyipo."

Anadina, ndipo pulagi ija inazuka ndi dzanja limodzi.

Magetsi anga ankangowakoka ngati ndi awo, koma galimoto anaikiya pabwalo panga pomwe, kuopa ife abale awo.