Mwala wakhumi

Kusukulu ya mkombaphala ku Mwazisi ankaphunzitsa manambala ndi phada, ndipo mwana wanga wamkulu anafuna tichitenso kunyumba. Tinatola miyala khumi, n'kukumba kadzenje. Ine ndinkaponya umodzi m'mwamba, kukokera inayo kunja, kuwakha, iye akuwomba m'manja n'kumawerenga. Koma diso langa linali pa mng'ono wake wokwawa, wotola chilichonse n'kuika m'kamwa.

Titamaliza, wamkuluyo anawerenga miyala ija, n'kuthera pa naini.

Naini? Ndinam'nyamula wokwawayo, chala m'kamwa mwake, ndikuganiza kutalika kwa chipatala, njinganso bambo ake apita nayo kufodya.

"Amama," anatero wamkuluyo, "tatambasulani dzanja linalo."

Mwala woponya uja ndinali nditaufumbata ndekha. Anandiwombera m'manja kakhumi, pang'onopang'ono, kuti nanenso ndiphunzire.