Wogawa Sadya

Atate atamwalira kwathu ku Zemba, ang'ono awo anatenga buku la ku banki maliro asanatuluke m'nyumba. Ankaganiza kuti wogwira buku ndiye mwini ndalama za thonje zimene zinali m'menemo.

Ku banki ku Chipata anawabweza. Anawauza kuti abweretse kalata yotsimikizira imfa, reji, ndiye kuti chitupa cha malemu, ndi pepala la khoti losonyeza munthu amene banja lasankha kuyendetsa chuma cha masiye.

Banja litakhala pansi, amayi ndi amene anayamba kulankhula, maso ali pansi. "Alamu ndiwo odziwa za m'tauni. Tisankhe iwowa."

Ine ndinapsa mtima, koma amayi ananditsina pantchafu.

Atate aang'onowo anayenda miyezi isanu ndi iwiri. Lero kalaliki wa khoti kulibe, mawa dzina la pa reji lasiyana ndi la m'buku, mkuja ku banki akuti mubwerenso mwezi wamawa. Anagulitsa mbuzi zawo ziwiri kuti apeze za basi.

Ndalama zitatuluka, amayi anawaperekeza kukhoti ku Chadiza, ati akathokoze. Kumeneko kalaliki anafotokoza lamulo: theka ndi la ana, zotsalazo n'za mkazi, makolo a malemu ndi amene malemuyo ankawasunga. Wosankhidwa ntchito yake ndi kugawa, ndipo khoti likhoza kumufunsa mmene wagawira.

"Nanga ine?" anafunsa atate aang'ono.

"Inu mwagwira ntchito yabwino," anayankha kalaliki.

Amayi, amene anamva za lamuloli kalekale kumsonkhano wa azimayi ku parishi, anawagwadira mwaulemu n'kuwapatsa nkhuku.