Malisiti amene Lemani anasuta

Lemani Kachingwe anabwera kwa Chamama ndi njinga, khasu ndi chitupa chovotera. Zina zonse anazipeza kuchikamwini: mkazi wake Feggie, nyumba yaudzu, ndi munda wa m'mphepete mwa dambo umene apongozi ake, a Ezelina, anam'bwereka kuti azilimamo fodya wa bale. Anali munthu wamfupi, wosachedwa kuseka, wodziwa kumanga chigafa chosadontha. Nazale yake inkabiriwira mu Okutobala, nthawi imene nyenje zimalira ndipo dziko lonse limakhala fumbi lokhalokha. Ankasuta chingambwe chopichira yekha, ndipo pepala lililonse lopyapyala likagwera m'manja mwake silinkagona.

Pamudzipo anali ndi udindo umodzi. Mlamu wake Raymond ankagwira ntchito yotsuka magalimoto ku Joni, ndipo akatumiza ndalama kwa mayi ake ankalemba dzina la Lemani, chifukwa ndiye anali ndi foni, chitupa ndi njinga. Uthenga ukalowa, Lemani ankapalasa mpaka pamsika, n'kukasayina pazenera la mayi Gladness, ejenti wa kampani yotumiza ndalamayo. Akalandira ankapatuka pang'ono. Chipisi cha pachiwaya, kanyama kamodzi, Fanta wozizira. Zonse pamodzi K500, osapitirira. Iye sankaziona ngati kuba. Ankati njinga nayo imamwa mafuta, kungoti thanki yake ili m'mimba mwa mwini wake. Lisiti ankalipichira fodya pobwerera, n'kulisuta pa mlatho.

Zinayenda choncho zaka zitatu, mpaka Raymond anatumizira mayi ake wailesi ya sola.

A Ezelina sanapite patali ndi sukulu, koma analima fodya zaka makumi atatu, ndipo masamu a ndalama sankawasowa. Chaka chimenecho dzina lawo linatuluka pa makuponi awiri a feteleza. Kuponi yokha sinkakwanira thumba. Munthu ankawonjezera ndalama yake, pafupifupi masauzande asanu ndi atatu. Raymond anaimba foni mokweza ngati ali kutsidya kwa dambo: "Amayi, ndatumiza wani sauzande ya marandi! Muwombole feteleza mvula isanagwe." Masana omwewo wailesi inanena mitengo ya ndalama zakunja: randi imodzi, K50. A Ezelina anawerenga pa zala. K50,000.

Lemani anabweretsa K41,800.

Mkamwini ndi apongozi ake salankhulana maso ndi maso. A Ezelina anakhala pakhonde atayang'ana nkhokwe, Lemani ananjuta patali pansi pa mtengo wa mango atayang'ana njinga yake, ndipo Feggie anaima pakati kunyamula mawu.

"Uwafunse bambo a kwanuwo," anatero a Ezelina, "K8,200 yatsala pati? Limenelo ndi thumba lathunthu la kuponi."

"Akuti yatsala pati," anatero Feggie, ngakhale Lemani anali atamva bwinobwino.

"Uwauze kuti njira ndi yaitali. Ndalama ikamadutsa m'malire imachepa."

"Imachepa? Ndi fodya kodi, woti akauma amapepuka? Nanga lisiti lili kuti?"

Lemani anayang'ana tcheni cha njinga kwa nthawi yaitali. Feggie, amene ankadziwa fungo la malisiti, anangoti, "Akuti linauluka."

"Linauluka ngati utsi," anatero a Ezelina. "Chabwino. Ikapanda kupezeka, munda wa kudambo ndiupereka kwa wina. Mbande zawozo akawokere kwawo."

Mawu amenewo analowa. Mbande zinali zitakwana kuwokera, mizere inali itapangidwa kale, ndipo kumadzulo mitambo inkasonkhana tsiku lililonse n'kubalalikanso. Popanda mundawo Lemani akanakhala mkamwini wongodya. Chimene chinkamuwawa kwambiri n'chakuti pa K8,200 imeneyo iye ankadziwa za K500 yokha. Yotsalayo nayenso sankadziwa amene anaidya.

M'mawa mwake anapita onse pamsika. A Ezelina sakanakwera njinga ya mkamwini, choncho anakwera kabaza, Lemani n'kumatsatira kumbuyo kotalikira, akumeza fumbi lawo. Feggie anatsala kuthirira nazale. Atafika pazenera, a Ezelina anaona kuti wonyamula mawu palibe, ndiye anangosankha Gladness.

"Mwanangu, afunseni bambo aima apowo ngati pano ndi pamene amatengera ndalama za mwana wanga."

Gladness, mayi wonenepa wa magalasi amene anaona milandu yotere yambiri, anatulutsa buku lake lokhala ndi makope a malisiti. Koma sanalitsegule.

"A Kachingwe, dzina lolandira ndi lanu. Sindingaonetse munthu wina popanda inu kulola. Ndiwaonetse?"

Akakana, munda wapita. Akalola, bukulo linena zoona, ndipo zoonazo zinali ndi chipisi mkati. Chiwaya chinali pomwepo, kutsidya kwa msewu, chikuthetheka, ndipo wokazingayo anali atayamba kale kum'kodola ngati kasitomala wodziwika.

"Aonetseni," anatero, akuyang'ana kumwamba.

Gladness anaika chala pa mzere wa dzulo. "K42,300. Ndi imene inabwera, ndi imene ndinapereka, siginecha yawo iyi."

"Mwana wanga anatumiza wani sauzande."

"Anapereka wani sauzande pa kauntala, mayi. Kampani inachotsapo marandi handiredi, malipiro otumizira. Anatsala naini handiredi. Amenewo ndiwo anasinthidwa."

"Naini handiredi pa fifite ndi K45,000," anatero a Ezelina mosachedwa, mpaka Gladness anavula magalasi.

"Fifite ndi mtengo wa pa wailesi. Kampani ili ndi mtengo wake. Dzulo inkapereka K47 pa randi. Makwacha atatu pa randi iliyonse amatsalira komweko, ndipo amenewo salembedwa kuti malipiro. Amangobisala mu mtengomo."

A Ezelina anawerenga chamumtima, milomo ikuyenda. K5,000 ya malipiro. K2,700 ya mtengo. Zonse K7,700.

"Ndiye kuti pa handiredi kwacha iliyonse, fifitini ndi kanthu imagona panjira."

"Mwaipeza."

"Nanga inu mumadyapo zingati?"

"Ine kampani imandipatsa kakomishoni kuchokera pa malipiro aja, pakutha pa mwezi. Kangachepe, koma ndi kanga. Kwa wolandira sinditengako ngakhale tambala. Wina akadzakuuzani kuti muwonjezere ya sitampa, mudzakuwe."

"Aaa," anatero a Ezelina, "ndi pepala la ku okushoni lomwe lija! Belo limachoka lolemera, koma pepala likamabwera: ya thiransipoti, ya chiguduli, ya msonkho, ya bungwe. Kenako madola ako banki n'kuwasintha pa mtengo wake. Ndinkayesa zimenezi zimangogwera fodya."

Lemani anapuma. Anayamba kumwetulira, kenaka kuwongola kolala, ndipo anafika mpaka ponena kuti, "Mayi Gladness, auzeni apongozi kuti ine mtima wanga ulibe chifukwa. Munthu amalakwitsa."

"Auzeni adikire," anatero a Ezelina. "K42,300 kuchotsa K41,800."

Kutsidya kwa msewu wachiwaya uja, poona kuti kasitomala wake akuchedwa, anakuwa: "A Kachingwe! Lero Joni sanayankhe? Kanyama kanu kaja ndakusungirani!"

Gladness analowetsa nkhope m'buku. Mapewa ake ankagwedezeka.

"Afunseni," anatero a Ezelina, akuyang'ana khoma, "K500 imeneyi ndi ya malipiro kapena ya mtengo?"

"Auzeni kuti ndi ya njinga," anatero Lemani ndi mawu aang'ono.

"Ulendo uno wokha?"

Gladness anatembenuza masamba kubwerera m'mbuyo, akunyowetsa chala. Anawerenga masiginecha khumi ndi anayi.

A Ezelina anapempha foni ya mkamwini, kudzera mwa Gladness, n'kumuuza kuti am'flashire Raymond. Raymond ataimba, a Ezelina anayamba ndi iyeyo.

"Iwe, kodi potumiza sakuuza kuti kuno kufika makwacha angati?"

"Amanena, amayi. Uthenga umabwera pafoni."

"Nanga unkanenera marandi bwanji?"

Raymond anatsokomola. "Wani sauzande imamveka bwino."

"Imamveka bwino! Mlamu wako akanagona kwawo chifukwa cha kumveka bwino kwakoko. Kuyambira lero uzindiuza makwacha. Ndipo uyende m'makauntala onse a kumeneko. Usafunse kuti malipiro ndi angati, ena amachepetsa malipiro n'kukudyera pa mtengo. Uzifunsa kuti, ndikakupatsani wani sauzande, amayi anga agwira zingati m'manja? Wanena zambiri, ndi yemweyo."

Atatseka foni anakonza mpango wawo, n'kuyang'ana njinga ya Lemani: matayala osalala, chishalo chomanga ndi mphira. Anayang'ananso msewu wafumbi umene anadzera.

"Mwanangu, auzeni bambowo izi. Kampani yadya, inu mwadya, amene sanaponde n'komwe msewu uno adya K7,700. Wopalasa yekha sangadye mphepo. K500 ndi komishoni yawo, ndaivomera. Munda alime. Koma ejenti wabwino amanena mtengo wake poyera, ndipo lisiti amabweretsa losapsa."

Lemani anawomba m'manja mwaulemu, atawerama.

"Sindinathe. Maulendo khumi ndi anayi akale aja anali opanda chilolezo. K7,000. Imeneyo ndi ngongole yawo, awonjezere pa kuponi yanga yachiwiri. Fodya wawo wa chaka chatha ndikudziwa kuti anabisako mitu ingapo kudenga."

Mitu ija Lemani anaigulitsa kwa mavenda sabata yomweyo, ndipo thumba analinyamula yekha pa njinga. Mvula inagwa Lachinayi, yamphamvu, yonunkhira dothi. Lachisanu iye ndi Feggie anali kudambo, mbande m'dengu, matope mpaka m'maondo, inswa zikuuluka pa chulu.

Mpaka lero ndi Lemani amene amapita pazenera la Gladness. Chipisi amadyera poyera, atakhala pa benchi, mwendo pa unzake, ndipo aliyense wofunsa amamuuza kuti iye ndi ejenti wotchipa kuposa onse pakati pa Joni ndi Chamama. Malisitiwo tsopano a Ezelina ndiwo amawasunga m'chitini cha mkaka. Lemani amadandaula chinthu chimodzi chokha: nyuzipepala imene amapichira fodya tsopano imakanda pakhosi, ndipo pepala lokoma ngati lija sanalipezenso.