Kalata ya kanema wophethira

Chaka chimene kanema wathu anayamba kudwala, mtengwa wanga anatsala pang'ono kumanga katundu. Mwana wanga, mwamuna wakeyo, anali atagamula kale mlandu: akuti mkaziyo ndiye anamuwononga pomupukuta ndi kansanza konyowa. Mtsikanayo amvekere, "Amayi, fodya akangopita ku okushoni, ine ndikupita kwathu ku Wimbe." Ndinati ayi, izi sizichitika ine ndili maso.

Mwanangayo ankafuna kumukweza kanemayo pangolo kupita naye kwa okonza ku boma. Ndinakana. Ndinati patsogole kalata. Cholembera sindinachigwirepo chibadwire, choncho ndinapita kwa aphunzitsi aakazi amene ankakhala pafupi nafe.

Iwo analemba mzere umodzi basi, n'kundiwerengera: "Kanema wathu wawonongeka."

"Aphunzitsi, kuchipatala mumangoti ndadwala, n'kukhala chete?"

"Agogo, okonzawo alibe nthawi ya nthano."

"Aipeza. Lembani."

Anaseka, n'kugwiranso cholembera. Ndinati lembani kuti amayamba ndi kulira kuti tha! tha! ngati chimanga chokazinga. Kenako chithunzi chimaphethira, kuwala, kuda, kuwala, basi zii, wazima yekha. Ukamuyatsanso, tha! tha! yomweyo. Lembani kuti timagwiritsa ntchito sola ndi batire, ndipo solayo timaitsamiritsa pansi kukhoma la kumadzulo. Lembani kuti masana dzuwa lili paliwombo amaonetsa bwinobwino, koma likangopendeka matenda ayamba. Lembani kuti anapukutidwa ndi kansanza konyowa, tisabise. Lembaninso kuti zinayamba sabata imene tinafolera chigafa chatsopano chopachikamo fodya, chachitali chija chili pafupi ndi nyumba.

"Zachigafanso zilowe?"

"Zilowe. Ine sindidziwa chimene chili ndi ntchito. Adziwa okha."

Kalatayo inapita ndi wakabaza, ndipo yankho linabwera mawa lake kuseli kwa pepala lomwelo. Ndinaitanitsa aphunzitsi kuti awerenge pakhonde, mwana wanga ndi mkazi wake ali pomwepo.

"Kanemayo musabwere naye. Akanalowa madzi, sakanasankha nthawi yodwalira. Moto ukumuchepera, n'chifukwa chake akuthetheka ndi kuzima. Onani ngati chigafacho sichikuphimba sola. Ikakhala pamthunzi, batire silidzaza. Muisunthe, batire lidye dzuwa masiku awiri kanema ali chizimire. Zikapitirira, mubweretse batirelo."

Tinazungulira kuseli tonse anayi. Dzuwa linali litangopendeka, koma mthunzi wa chigafa unali utagona kale pasola yonse.

"Chigafachi anamanga ndani?" ndinafunsa.

"Amayi, inunso," anatero mwana wanga, poti anamanga ndi iyeyo.

"Ndangofunsa, bambo. Mwina ndi kansanza."

Mwanangayo anatenga makwerero n'kukweza solayo padenga. Tsiku lachitatu madzulo kanema anaonetsa mpaka nkhani zinatha, osaphethira n'kamodzi komwe. Mwana wanga anakanda kumutu, n'kusuntha mpando wake wotsamira.

"Amake mwana, khalani apa. Pamphasapo simukuona bwino."

Mtengwa wanga anakhalapo, nkhope ili gwa. Fodya anapita ku okushoni, iye sanapite.