Msomali wa nambala 14

Lachiwiri m'mawa, ndikusesa m'sitolo, ndinapeza chodulira maloko chili ndi dothi lofiira kukamwa kwake. Dothi lake linali lonyowa. Chinali pamsomali wake, nambala 14, koma chozondoka, zogwirira zili m'mwamba, pamene ine ndimachikoleka zogwirira zili pansi kuti chifanane ndi chithunzi chake chojambula ndi penti pathabwa. Ndinatsegula buku lolembamo obwereka zida. Womaliza kuchitenga anali ba pulambala a ku Emmasdale, ndipo anabweza Lachisanu asanapite ku mzikiti, atachipukuta ndi mafuta monga amachitira, ine n'kusaina. Kuchokera pamenepo palibe anachilemba. Ndinaima ndi tsache m'manja.

Tinkakhala ku Chelstone, kuseri kwa msika, m'kanyumba ka zipinda ziwiri. Chipinda cha kutsogolo chinali sitolo ya gulu la amisiri limene amuna anga analimo, akalipentala, owotcherera zitsulo, omanga ndi a mapaipi, amene anasonkhanitsa zida zazikulu kuti azibwerekana. Cha kumbuyo ndiye tinkagona ife ndi ana awiri, mtsikana wa zaka zisanu ndi khanda. Khomo lakunja linali limodzi. Wolowa m'sitolo ndiye kuti wafika pa katani ya kuchipinda kwathu. Gulu linatipatsa nyumbayo chifukwa ndinavomera kusunga kiyi ndi buku, poti ine sindichoka pakhomo ndipo sukulu ndinafika nayo giredi 7, kulemba ndimalemba koyera.

Ntchito yake sinali yovuta. Munthu akabwera ndinkalemba tsiku, dzina lake, chida ndi nambala yake ya penti yachikasu, ndi kumene akukagwira ntchito, iye n'kusaina. Pobweza ndinkachiona kaye, ngati ndi galayindala ndinkailumikiza kumagetsi kuti ndimve kulira kwake, ndikatero ndilembe tsiku ndi mmene chabwerera, ndisaine ineyo. Masiku atatu akapitirira ndinkaimba foni. Madzulo ndinkayang'ana misomali yopanda kanthu n'kuifananitsa ndi buku, kenako n'kudula mzere ndi rula pansi pa dzina lomaliza. Za mzerezi anandiphunzitsa ndi ba pulambala aja, ati tsiku ukalisiya lotsegula limalowa alendo.

Koma panali akuluakulu anayi amene anayambitsa gululo, ndipo iwowa sankasaina. Ati kusaina n'kwa obwera dzulo. Ba tcheyamani, mkulu wa mpingo wa mimba yake, amene ankayenda ndi zolembera zitatu m'thumba la shati koma sindinawaonepo akulemba kanthu, ankangotola dilila yoboolera n'kunena kuti mwandiona, amake mwana. Eya, ndinkawaona. Ndinkawalemba ndi pensulo kutsamba lomaliza la buku, iwo osadziwa. Pamsonkhano ndi omwewo ankafuula kwambiri za chilungamo, ndipo ndi omwewo ankapatsirana zida kuntchito osazibweretsa kaye kusitolo, moti sowo yotuluka ndi uyu inkabwera ndi uyo patapita sabata, ili yobuntha, aliyense akulumbira kuti anaipeza choncho.

Tsiku la dothi lija ndinakumbuka kuti dzulo lake ndinapita ku kiliniki kukatenga mankhwala, ndipo ndinawatsekera ana m'nyumba khanda lili mtulo. Sindinakhalitse. Madzulo ake ndinali ndi mutu, misomali sindinaiyang'ane, ndinangodula mzere. Ndinamuitana mwana wanga n'kumufunsa mofatsa ngati kunabwera munthu. Anayang'ana pansi. Kenako anapita pansi pa pilo n'kutulutsa kapepala ka switi, kosalazidwa bwinobwino. Anati kunabwera ankolo a nsapato zoyera, anatsegula ndi kiyi yawo, anasuzumira pa katani, anamuuza kuti ndi mtsikana wanzeru ndipo anzeru sanena zonse kwa amayi awo. M'mawa uno abweranso pamene ine ndinali pamzere wa madzi kumpopi.

Wa nsapato zoyera pagululo anali mmodzi yekha, mlamu wawo wa ba tcheyamani. Mmisiri wanji wovala nsapato zoyera? Ankati ndi wowotcherera zitsulo, koma manja ake anali osalala kuposa anga.

Ndinaimbira amuna anga, amene anali ku Siavonga kukakhoma denga. Anati ndisadzilowetse m'nkhani za akuluakulu, nyumba tikukhalayi ndi yawo, adzaziona akabwera mwezi ukatha. Ndinapita kwa ba tcheyamani. Anandimvetsera akuchotsa nyama m'mano ndi kamtengo, n'kundiuza kuti kiyi ndi imodzi basi, ana amalota masana, ndipo azimayi oyamwitsa amaiwalaiwala. Nditapempha kuti tisinthe loko anaseka, ati loko ndi katundu wa gulu, mpaka komiti ikhale pansi. Komiti yake iti, si iwo omwe ndi anzawo atatu aja?

Ndinasiya kupita kulikonse popanda ana. Kumpopi ndinkapita nawo, kumsika nawo, khanda kumbuyo, wamkulu atagwira chitenje. Ndikakhala m'nyumba ndinkatsamiritsa wilibala kuchitseko. Nsapato iliyonse yodutsa panja ndinkaiyang'ana pansi pa chitseko. Sindinkaona tulo. Ndipo Lamlungu lotsatira, titabwerako ku tchalitchi, msomali wa nambala 14 unali wokha, chithunzi cha penti chikungondiyang'ana. Ndinalemba kutsamba lomaliza, Lamlungu, 14 palibe, palibe wasaina, loko ndapeza lotseka. Ndinalembanso za Lolemba ndi Lachiwiri lija, ndi mawu a mwana mmene anawanenera.

Lachitatu masana ba tcheyamani anabwera ndi mlamu wawo, atanyamula buku latsopano la chikuto cholimba, likadali m'pulasitiki. Anakhala pa bokosi la masipanala osapatsidwa. Anati kwachitika kangozi. Ku Woodlands anthu ena anadula loko la geti panyumba ina eni ake ali ku maliro, n'kutenga katundu, ndipo pothawa anasiya chodulira m'maluwa, chili ndi penti yachikasu ndi dzina la gulu lathu. Apolisi awaimbira, akufuna buku Lachisanu. Tsono buku lakaleli ndi lauve, lingachititse gulu manyazi, ndiye ndikopere zonse m'latsopanoli. Anatsegula lakale, n'kuika chala pa mzere wa ba pulambala.

"Apa pobweza musalembepo, amake mwana. Musiye poyera."

"Koma anabweza, ba tcheyamani. Ndinasaina ndine."

"Munalakwitsa. Munthu amalakwitsa."

Ndinamvetsa bwino. M'buku lakale sakanatha kulowetsa kanthu, masiku onse anali otseka ndi rula, ndipo kufufuta inki kukanaoneka. Ankafuna dzanja langa lomwe lilembe kuti ba pulambala, munthu wachikulire uja, amene ankabweza ngakhale bawuti yotsalira m'thumba, anasunga chodulira mpaka tsiku la kuba. Masaini a ena ati adzawasonkhanitsa okha, si vuto. Mkulu wa mpingo ameneyo, kulankhula zimenezo ali phee ngati akugawa mavesi. Tsamba lomaliza sanalitsegule. Munthu amene sanagwirepo bukulo chiyambire akanadziwa bwanji kuti lili ndi kumbuyo?

Nthawi yonseyi mlamu uja anali atanyonyomala pa katani, mwana wanga ataima patsogolo pake wouma ngati mtengo, iye akumumangira lamba wa sandasi amene sanali womasuka n'komwe. Atamaliza anandiyang'ana akumwetulira.

"Ana abwino awa, mulamu. Koma mumawasiya okha maningi, pafupipafupi. Lusaka ya masiku ano siili bwino."

Ndinati ndamva, ndikopera usiku, abwere mawa madzulo. Ndinagwada polandira buku latsopano lija, ndi manja awiri, ndipo ba tcheyamani anakondwa kwambiri, ati amadziwa kale kuti ndine mayi womvera. Anatola tepi yoyezera potuluka, osasaina.

Ndinadikira mpaka nsapato zoyera zitakhota pa msika. Sindinanyamule chikwama, chifukwa azimayi a pa tomato amaona zonse ndipo pakamwa pawo sipatseka. Mtsikana ndinamuveka madiresi atatu, lina pamwamba pa linzake. Makadi a kusikelo ndi matewera ndinaika m'pulasitiki ya buledi. Buku lakale ndinaliika pamsana panga, khanda pamwamba pake, n'kumanga chitenje molimba mpaka ngodya ya chikuto inkandibaya pa nthiti. Ndisanatseke ndinayang'ana misomali yonse komaliza, sindikudziwa chifukwa chake, manja anangozolowera.

Mu minibasi ya ku tauni ndinakhala mpando wa kumbuyo kuti ndizimuona aliyense wokwera. Kondakitala anandiseka kuti mwana ndamuveka ngati kuli chisanu cha Juni. M'tauni ndinalowa m'kashopu ka mafotokope n'kujambulitsa masamba a mwezi wonse ndi tsamba la pensulo, kawirikawiri. Ndili pomwepo ndinaimbira ba pulambala n'kuwauza zonse mothamanga, mawu akupingana. Anati ndiwapeze mawa m'mawa pageti la polisi, abwera ndi mwana wawo wamkulu wodziwa Chingerezi, ndipo ndisabwererenso ku Chelstone ndekha.

Ana ndinakawasiya ku Lilayi kwa akulu anga, kumene geti lili ndi galu ndipo kiyi yake sinadutsepo m'manja mwa komiti. Mapepala ena ndinawaika pansi pa matiresi awo. Amuna anga ndinawatumizira uthenga pa foni kuti nyumba ya eni ake akaifune okha, ana anga sagonanso kuseri kwa katani ija. Anaimba kasanu, sindinayankhe.

M'mawa mwake ndinayamwitsa khanda, ndinauza mtsikana kuti switi ya munthu aliyense azindionetsa kaye, ndipo ndinakwera basi ndi buku m'manja, poyera. Wapolisi wamkazi amene anatilandira anawerenga tsamba la pensulo kawiri, n'kufunsa kuti ankolo a nsapato zoyerawa dzina lawo ndani. Ndinamuuza, ndi kumene amakhala. Anati buku litsala kwa iwo ngati umboni, natambasula dzanja. Sindinalisiye msanga. Ndinamupempha kuti alembe kaye papepala tsiku, dzina lake ndi chimene watenga, asaine, ndipo pepalalo ndinalipinda n'kulimanga pa ngodya ya chitenje, ndisanabwerere kwa ana.