Zitunda za m'Kope la a Lameki

A Lameki Zulu anadziwa msewu wa ku Mkanda ndi akatumba, osati ndi maso. Asanakhale dalaivala anapalasa njinga zaka khumi ndi ziwiri, kunyamula matumba a mtedza kuchokera kumidzi kukagulitsa pa boma la Mchinji. Laisensi anaipeza atakula kale, ndipo pamene ine Imelda ndinkafika kuchokera kwathu ku Zomba kudzagwira ntchito ya ulembi kubungwe lodzala mitengo la Tsogolo Lobiriwira, ndinawapeza ali dalaivala wapadera, uja amangotsuka magalimoto a anzake n'kumadikira kuti wina adwale. Kalata yawo ya ntchito inali ya chaka chimodzi chimodzi, ndipo kunyumba kunali ana anayi, wamkulu ali ku sekondale.

M'chaka cha 2008 otithandiza akunja anatitumizira galimoto yoyendera magetsi. Ati bungwe losamala chilengedwe silingamafukize utsi m'midzi momwe likuphunzitsa anthu kudzala mitengo. Kanali kagalimoto kakang'ono kobiriwira, kotalika ngati ngolo yopanda ng'ombe, mabatire ake asanu ndi atatu ali pansi pa mipando. Madalaivala akuluakulu anakazungulira kawiri, anafuna pothirira dizilo osapapeza, ndipo onse anayamba kudandaula msana. Tonse tinkadziwa vuto lake. Dizilo amatha kutsala m'chigubu n'kupeza njira yake ya kumalire, koma magetsi sungawathire m'chigubu. Kiyi anapatsidwa a Lameki.

Buku la galimotoyo linkanena kuti ikadzaza imayenda makilomita 80. A Lameki anati amene analemba bukulo sanaonepo fumbi la kwathu kuno. Anagula kope la ana a sukulu n'kuyamba kulemba okha, ndi zilembo zawo zotsamira ngati chimanga chogwa ndi mphepo. Anapeza kuti pamsewu wafumbi, muli anthu atatu, galimotoyo imayenda makilomita 55 ngati suithamangitsa kupitirira makilomita 40 pa ola. Ukaithamangitsa imadya moto ngati mlendo wa pamaliro. Pachitunda imachedwa, ndipo ukaiumiriza muvi wa batire umatsika ukuuona. Pamtsetse, ukachotsa phazi, imabweza timoto pang'ono m'mabatire, koma osati tonse tomwe inadya pokwera. Kuti idzaze kuchokera pansi inkafuna maola asanu ndi atatu pa soketi wamba, ngakhale maola awiri ndi theka ankaibwezera mphamvu yochuluka ndithu.

Zitunda anazipatsa manambala. Analembanso paliponse pomwe panali soketi ya munthu wamtima wabwino: kwa abusa ena, pa malo ometera tsitsi, ndiponso pachigayo cha mayi Keziya pa Katope, makilomita 24 kuchokera pa boma. Mayi Keziya ankawalola kulumikiza chingwe malinga awabweretsere sopo ndi nkhani za pa boma. Anthu ankaseka kuti a Lameki amakagayitsa galimoto. Iwo sankakwiya. Ankati galimotoyo ili ngati munthu wa panjinga, imafuna kudziwa chakudya chili kuti isananyamuke, ndipo zimenezo iwo sanaphunzire kusukulu.

Bwana wathu anali a Greyson Chikuse, munthu wa masuti atatu ndi mafoni awiri. Galimotoyo ankaikonda kwambiri pazithunzi. Kuikwera sanaikwerepo mpaka tsiku lotsegulira nazale ya mitengo kumudzi wina wa kufupi ndi Mkanda, makilomita 38 kuchokera ku ofesi, pomwe otithandiza anapempha chithunzi cha bwana akutsika m'galimoto yawoyo pakati pa anthu.

Kutatsala tsiku limodzi a Lameki analowa mu ofesi atagwira kope ndi manja awiri. Anafotokoza kuti kupita ndi kubwera ndi makilomita 76, choncho tinyamuke 6 koloko, tikaime pa Katope maola awiri galimoto idye, kenaka tikafike kumwambo, ndipo pobwerera tikaimenso. A Chikuse anavomera zonse akuyang'ana foni.

M'mawa mwake bwana anafika 9 koloko. Atamva kuti tikaimabe pachigayo anafunsa ngati a Lameki anaonapo mlendo wolemekezeka atakhala pa thumba la mgaiwa maola awiri, suti ikuyera ndi ufa. A Lameki anawerengera pa zala kuti popanda kuima, kufika kumudziko ndi kubwerera pa Katope ndi makilomita 52, otsala atatu okha, ndiye bola tiyende pang'onopang'ono komanso tisanyamule kanthu.

"Inu ntchito yanu ndi chiwongolero," anatero a Chikuse. "Mukandichititsa manyazi lero, kalata yanu ya chaka chamawa sindisayina."

Ine ndinali kumpando wakumbuyo, mawondo ali pachibwano, ndipo ndinamva zonse. Tinadutsa pa Katope osaima. Mayi Keziya anali atatulutsa kale benchi, ndipo anangotsala atakweza dzanja. Pamalo osalala bwana ankalamula kuti tithamange. Pachitunda chachitatu anati galimoto ikuyenda ngati ikupita kukapepesa maliro, ndipo a Lameki anaponda monga anauzidwira. Ndinaona khosi lawo likutuluka thukuta ngati akupalasa okha.

Tinafika mochedwa mokwanira bwino, chifukwa mlendo wolemekezeka amayenera kupeza anthu atatopa kale. Amayi anaimba, ana anathamangira kudzaona galimoto yosalira, chithunzi chinajambulidwa katatu. A Chikuse analankhula ola lathunthu, ndipo theka lake linali lotamanda galimotoyo. Anauza anthu kuti nthawi ya njinga yatha, kuti m'zaka zochepa mlimi aliyense adzakhala akupita kumsika pa magetsi. M'mudzimo munalibe ndi pholo imodzi yomwe ya magetsi, koma anthu anaomba m'manja poti ndi aulemu.

Kenaka kunabwera mphatso. Kwathu kuno mlendo sabwerera chimanjamanja, ndipo mphatso sikanidwa. Panali thumba la chimanga, matumba awiri a mtedza, maungu ndi mbuzi yaikazi. A Lameki ananong'oneza bwana kuti athokoze, koma katunduyo atsale, galimoto ya dizilo idzamutenge mawa. A Chikuse anati kusiya mphatso ndi kunyoza mudzi. Zoona zake n'zakuti ankadziwa kuti mbuzi ikakwera galimoto ya madalaivala aja, pa boma pamafika chingwe chokha. Matumba anamangidwa padenga, chimanga chinakhala pambali panga, mbuzi pamiyendo panga.

Mwambo wina ndi woti mlendo wolemekezeka amayamba kuchoka, ena onse n'kutsatira. Tinanyamuka anthu akutiimbira. Titayenda makilomita asanu ndi awiri nyali yochenjeza inayaka, ndipo galimoto inayamba kudzichepetsera yokha liwiro pofuna kusunga kamoto kotsala. Pachitunda chachinayi inkayenda ngati nkhalamba yosenza nkhuni. A Lameki anapempha kuti titsike ife awiri, mwina ingakwere yopepuka. Ine ndinatsika ndi mbuzi yanga. Bwana anakana. Pakati pa chitunda galimoto inaima, mwakachetechete monga inkayendera, kutatsala makilomita asanu kuti tifike pa Katope.

Apo m'pamene anthu a kumwambo aja anayamba kutipeza. Anabwera panjinga zawo, mmodzimmodzi, awiriawiri, aphunzitsi, a komiti, amayi oimba aja atakhala pa kaliyala. Aliyense ankatsika panjinga mwaulemu, kuvula chipewa, kufunsa ngati bwana ali bwino, kupepesa, n'kupitirira akukankha njinga yake. Palibe anaseka, ndipo n'zimene zinawawa kwambiri. Mkulu wina anafunsa ndi mtima woona ngati tingamuuze chaka chenicheni chomwe njinga zidzathe, kuti asavutike kugula tayala latsopano.

Tinakokedwa ndi ngolo ya bambo wina dzina lake Maliko, ng'ombe ziwiri patsogolo, chitukuko pambuyo. Pachigayo a Chikuse anakhala pa benchi ija maola atatu, ndipo suti inayeradi. Tinalowa pa boma dzuwa likulowa, a Lameki akuyendetsa pa 30.

Kalata yowachotsa ntchito a Lameki ndinaitayipa ine. Inkanena kuti dalaivala analephera kukonzekera ulendo. Ndinkadziwa kuti ndi bodza, ndinali m'galimotomo, koma nanenso kalata yanga inali ya chaka chimodzi chimodzi. Ndinaitayipa bwinobwino popanda cholakwika ngakhale chimodzi, ndipo manyazi ake ndili nawo mpaka lero. A Lameki anandipempha kuti ndiwawerengere poti inali m'Chingerezi. Nditamaliza anatulutsa kope lija m'thumba la malaya.

"Mudzampatse amene akubwerayo," anatero. "Galimotoyi ilibe mlandu. Asamaimalize moto mpaka pansi, mabatire amafa msanga."

Amene anabwerayo anali mphwake wa bwana, ndipo kope sanalione chifukwa a Chikuse analitenga patebulo panga. M'miyezi inayi mabatire anali atafa, galimoto ili pamiyala kuseri kwa ofesi. Koma kope silinafe. Ndinapatsidwa kuti ndilitanthauzire m'Chingerezi ndi kulitayipa, ndipo linatuluka ngati kabuku konyezimira ka malangizo a kayendetsedwe ka galimoto zamagetsi kumidzi, wolemba G. Chikuse. Otithandiza anakakonda kwambiri. Anawaitana a Chikuse kunja kukakamba za luso lawo, ndipo atabwerako anakwezedwa kupita ku Lilongwe.

Chaka chotsatira ndinali ndi ulendo wa ku Katope, ndipo poti galimoto za dizilo zinalibe dizilo, ndinapita pa siteji ya njinga zakabaza. A Lameki anali pamenepo, atawonda, kaliyala atamuika katsamiro kofiira. Mwana wawo wa ku sekondale uja anali atasiyira Fomu 3. Ndinafuna kukwera ya wina, koma anali atandiona kale.

Tili m'njira ndinawauza za kabuku kaja, zonse, ndi za dzina lili pachikuto. Ndinkafuna andikalipire kuti mtima wanga upepukeko. Anafunsa ngati tinakonza pa tsamba lachisanu, pomwe analemba kuti chitunda chachinayi n'chachifupi. Anati anachiyesa ali okha m'galimoto, ndipo akanachilemba bwino mwina bwana akanamva. Chaka chonsecho munthuyo ankaganiza kuti wolakwa ndi iye.

Ndinawauza kuti sanalakwe kanthu, kuti ndinali pomwepo. Anati zikomo, koma mawuwo akanathandiza chaka chatha. Sananene mwaukali. Kenaka njinga inayamba kulemera, anatsitsa phazi pansi.

"Tsikani pang'ono, mayi. Apa ndi pachitunda choyamba."

Ndinatsika, ndipo tinakwera wapansi, iwo akukankha njinga, ine pambuyo pawo.